Kawerengedwe ka pulani ya mawaya a getsi loyatsidwa ndi maswichi awiri

Nyumba zambiri zatsopano zimene zikumangidwa ku Ulongwe, ku Mowatize ndi mumzinda wa Tete zimakhala ndi kolido yaitali yodutsa pakati pa zipinda, ndipo eni nyumba amafuna kuti getsi la mukolidomo aziliyatsa ali pakhomo la pabalaza n'kukalizimitsa ali kukhomo la kuseri, popanda kubwereranso mumdima. Swichi yogwira ntchito imeneyi m'masitolo a kuno amaitchula ndi dzina la Chipwitikizi loti komutadori, pamene amisiri amene anaphunzirira ntchito ku Malawi amaitcha swichi ya thuweyi. Kumanga kwake sikovuta kwa munthu amene wawerenga bwino pulani, koma ambiri mwa achinyamata amene ndagwira nawo ntchito amayang'ana pepala lonse nthawi imodzi, mizere n'kuwasokoneza, kenaka n'kuyamba kulumikiza mongoyerekeza. Pulani ya mawaya imawerengedwa poika chala pamene moto walowera ndi kuutsatira mzere ndi mzere mpaka pamene watulukira. Pansipa ndikulongosola njira imeneyi pogwiritsa ntchito chitsanzo cha kolido imodzi yokhala ndi getsi limodzi ndi maswichi awiri.

Gawo loyamba: dziwani mtundu wa pulani imene mwagwira

Mapulani a magetsi a m'nyumba amajambulidwa m'njira ziwiri, ndipo munthu ayenera kudziwa msanga kuti wapatsidwa iti. Mtundu woyamba umaonetsa waya aliyense ndi mzere wakewake, kotero kuti mukhoza kuona pamene waya wachokera ndi sikuluwu imene wakamangidwapo. Mtundu wachiwiri, umene kawirikawiri umajambulidwa pamwamba pa pulani ya nyumba yonse, umaonetsa mzere umodzi wokha poimira paipi kapena chingwe chonse, ndipo chiwerengero cha mawaya a mkatimo chimasonyezedwa ndi timizere tating'ono topendekeka todula mzerewo. Yambani ndi mtundu woyamba. Ngati mwapatsidwa wachiwiri wokha, tengani pepala lina mujambule nokha mtundu woyamba musanakwere pamakwerero, pakuti wachiwiriwo umakuuzani kuchuluka kwa mawaya koma sukuuzani pomangira pake.

Zizindikiro zofunika pa ntchito iyi ndi zochepa. Getsi limajambulidwa ngati kabwalo kokhala ndi mtanda mkati, kapena mtanda wopendekeka wokha. Swichi wamba pa pulani ya mzere umodzi ndi kabwalo kakang'ono kokhala ndi kamchira kamodzi kopindika kumapeto, pamene komutadori ili ndi timichira tiwiri toloza mbali zosiyana, kena m'mwamba kena m'munsi. Chizindikiro chimene chimanyalanyazidwa kwambiri ndi kadontho kakuda. Mizere iwiri ikadutsana pali kadontho, mawayawo ndi olumikizana. Ikadutsana popanda kadontho, mawayawo angopingasana ndipo sakukhudzana. Pepala likakhala lofotokopedwa kangapo kapena lojambulidwa ndi foni, kadontho kangathe kufufutika kapena kachitsotso kangaoneke ngati kadontho, choncho pamalo pokayikitsa funsani amene anajambula.

Gawo lachiwiri: pezani mawaya atatu ochokera ku bokosi la mabuleka

Magetsi a EDM, kampani ya magetsi ya ku Mozambiki, amalowa m'nyumba wamba pa mphamvu ya mavoti 220, kudzera pa mita, n'kufika m'bokosi la mabuleka limene kuno timalitcha kwadulu. Dera la magetsi ounikira, kutanthauza mawaya ndi magetsi onse odyetsedwa ndi buleka imodzi, nthawi zambiri limatetezedwa ndi buleka ya maampeya 10, ndipo mawaya ake ndi akopa a 1.5 mm². Pa pulani, m'mphepete mwa pepala, mudzaona mizere itatu ikutuluka. Waya wamoto, amene ambiri amamutcha fazi, amalembedwa L kapena F. Nyutulo imalembedwa N. Waya woteteza wopita kunthaka amalembedwa PE kapena E, kapenanso amaikidwa chizindikiro cha timizere titatu togona, kam'munsi kochepetsetsa. Tengani zolembera za mitundu itatu mudutsitse pamizere imeneyi, uliwonse ndi mtundu wake.

Pamitundu ya mawaya enieniwo ndikufuna kuchedwapo pang'ono, chifukwa dera lathu la m'malire lili ndi vuto lakelake. Malinga ndi dongosolo la ku Ulaya limene Mozambiki imatsatira, nyutulo ndi yabuluu, waya wa kunthaka ndi wobiriwira wosakaniza ndi chikasu, ndipo fazi imakhala yakhofi, yakuda kapena yotuwa. Koma zingwe zina zimene zimalowa kudzera ku Kalomwe ndi ku Zobwe, komanso zochokera ku Joni, zimatsatira dongosolo limene waya wofiira ndi wamoto ndipo wakuda ndiye nyutulo. Izi zikutanthauza kuti m'nyumba imodzi ya ku Angoniya waya wakuda angakhale wamoto m'chipinda china n'kukhala nyutulo m'chipinda chinzake. Chifukwa cha ichi, chilembo cha pa pulani ndi muyeso wa mita ya m'manja yoyezera mawaya ndizo zodalirika, ndipo mtundu wa waya uzingokuthandizani kukumbukira zimene mwatsimikiza kale.

Gawo lachitatu: mvetsani zimene zimachitika mkati mwa swichi

Komutadori ili ndi pomangira mawaya patatu, pamene swichi wamba ili ndi pawiri. Pophunzitsa ndimakonda kuiyerekeza ndi mtengo wa mphanda, wokhala ndi tsinde limodzi ndi nthambi ziwiri. Tsinde limalembedwa COM kapena C, ndipo pa maswichi ena a ku Ulaya limalembedwa L kapena P, kapena sikuluwu yake imapatsidwa mtundu wosiyana. Nthambi zimalembedwa L1 ndi L2, kapena 1 ndi 2, kapena timivi tiwiri. Mkati muli kachitsulo komangirira ku tsinde kamene kamagwera ku nthambi ina kapena inzake. Swichi imeneyi ilibe malo oti pano yazima. Nthawi zonse tsinde limakhala lolumikizana ndi nthambi imodzi, ndipo kudina batani kumangosamutsa kachitsuloko kuchoka ku L1 kupita ku L2 kapena kubwerera. Pa pulani ya mizere yonse izi zimaoneka ngati kadontho kamodzi mbali ina, timadontho tiwiri mbali inayo, ndi kamzere kopendekeka kochoka pa kamodziko kukakhudza kena mwa tiwirito.

Chenjerani ndi chilembo L, pakuti pa swichi ina chimaimira tsinde, pomwe L1 pa swichi ya dziko lina ndi nthambi. Tsinde silikhala malo amodzimodzi pa maswichi onse; opanga ena amaliika pamwamba lokha, ena amaliika pambali pa nthambi. Musanamange, yezani swichi ili m'manja ndi mita yoikidwa poyezera kulumikizana, pamene imalira mukagunditsa nsonga zake. Pomangira pamene pakulira ndi sikuluwu ina batani lili m'mwamba, n'kuliranso ndi sikuluwu inzakeyo batani lili m'munsi, pamenepo ndiye tsinde. Nthambi ziwirizo siziyenera kulira pakati pawo, batani likhale mbali iliyonse.

Gawo lachinayi: tsatirani moto ndi chala

Tsopano tiyike chala pa mzere wa L. M'chitsanzo chathu swichi ya pakhomo la pabalaza tiitche S1 ndipo ya kukhomo la kuseri S2. Mzere wa L ukuchoka pa buleka, ukudutsa m'kabokosi kolumikizira mawaya, n'kukathera pa tsinde la S1. Sukupita ku getsi, ndipo sukufika ku S2. Kuchokera pa nthambi ziwiri za S1 pakutuluka mizere iwiri yoyenda mondondozana kutalika konse kwa kolido, wina kuchoka pa L1 kukafika pa L1 ya S2, wina kuchoka pa L2 kukafika pa L2. Amenewa tiwatche mawaya apakati. Pa tsinde la S2 pakutuluka mzere umodzi, waya wobwerera, umene ukukathera mbali imodzi ya getsi. Mbali inayo ya getsi yalumikizidwa ku N, ndipo mzere wa N umenewu mukautsatira cham'mbuyo mupeza kuti wafika ku kwadulu osakhudza swichi iliyonse.

```
L --- C(S1)  L1 ------- L1  C(S2) --- getsi --- N
             L2 ------- L2
```

Mukamaliza kutsatira, yesani dera lonse papepala m'makhalidwe ake anayi, ndipo musadumphe sitepe imeneyi ngakhale ikuoneka ngati ya ana asukulu. S1 ikakhala pa L1 ndipo S2 ilinso pa L1, moto ukudutsa waya wapakati wam'mwamba, getsi layaka. Munthu akadina S2 n'kuipititsa pa L2, moto udakali m'waya wam'mwamba koma wakathera pa nthambi yosalumikizidwa, ndipo getsi lazima. Wina akabwera n'kudina S1 kupita pa L2, moto wasamukira m'waya wam'munsi, kumene S2 ikudikira kale, choncho getsi layakanso. S2 ikabwerera pa L1, lazimanso. Makhalidwe awiri mwa anayi amayatsa, awiri amazimitsa, ndipo kudina swichi imodzi iliyonse kumasintha zimene getsi likuchita. Pali chinthu china chimene mwachiona pamenepa chimene muyenera kuchisunga m'mutu mukamatsegula swichi pakhoma: ngakhale getsi litazima, mmodzi mwa mawaya apakati amakhala ndi moto nthawi zonse, kotero kuti kabokosi ka S2 sikakhala kotetezeka pokhapokha buleka itatsitsidwa.

Waya wa kunthaka sayendetsa moto pa nthawi imene zonse zili bwino. Pa pulani mutsatireni kuti mutsimikize kuti wafika pa chitsulo cha choikamo getsi, ndiponso pa kabokosi ka swichi ngati ndi kachitsulo, ndipo sanadukizidwe pena paliponse.

Gawo lachisanu: werengani mawaya m'paipi iliyonse

Apa ndi pamene pulani ya mzere umodzi imagwira ntchito. Tinene kuti kolido yathu ili ndi mabokosi awiri olumikizira m'mwamba mwa khoma, A pamwamba pa S1 ndi B pamwamba pa S2, ndipo getsi likudyetsedwa kuchokera ku B. Kuchoka ku kwadulu kufika ku A muyenera kuona timizere titatu, kuimira fazi, nyutulo ndi wa kunthaka. Ojambula osamala amaika kadontho kumutu kwa kamzere ka nyutulo ndi kamzere kogona kumutu kwa ka waya wa kunthaka. Kuchoka ku A kutsikira ku S1 pali mawaya atatu, fazi ikutsika ndipo apakati awiri akukwera. Paipi ya pakati pa A ndi B ili ndi anayi: apakati awiri, nyutulo ndi wa kunthaka. Onani kuti fazi sinaoloke, chifukwa ntchito yake yathera pa tsinde la S1. Kuchoka ku B kutsikira ku S2 pali atatu, apakati awiri ndi wobwerera. Kuchoka ku B kupita ku getsi palinso atatu, wobwerera, nyutulo ndi wa kunthaka. Ngati mabokosi a maswichi ndi achitsulo, onjezani waya mmodzi wa kunthaka pa paipi iliyonse yotsika.

Getsi likanakhala kuti likudyetsedwa kuchokera ku A, paipi ya pakati ikanakhala ndi apakati awiri ndi wobwerera akuchokera ku S2, ndipo nyutulo ikanatsala ku A. Chiwerengero chikasiyana ndi chimene chala chanu chapeza, imani mufufuze musanakoke mawaya. Mukaona timizere tiwiri tokha tikutsikira ku komutadori, pulaniyo ili ndi cholakwika kapena chizindikirocho ndi cha swichi wamba. Ndimalangizanso kumata tepi kunsonga zonse ziwiri za mawaya apakati pamene mukuwakoka, popeza m'paipi yotsika mumakhala mawaya atatu amene nthawi zambiri amadulidwa pa mpukutu umodzi, ndipo pulasitala ikauma palibe amene amakumbukira kuti uyu ndi uti.

Mapulani awiri ooneka mwachilendo

Pali kajambulidwe kena kamene mungakumane nako, makamaka kwa amisiri amene anaphunzira njira ya ku Britain kutsidya la malire, ndipo nkovomerezeka. M'menemo fazi imalowa pa L1 ya swichi yoyamba, waya wa ku getsi amatuluka pa L2 ya swichi yomweyo, ndipo mawaya atatu amalumikiza maswichi awiriwo, C ku C, L1 ku L1 ndi L2 ku L2. Mukatsatira ndi chala muona kuti getsi limayaka pamene swichi ina ili pa L1 inzake ili pa L2, moto n'kudutsa m'waya wolumikiza matsinde. Mudzakazindikira chifukwa swichi yoyamba imakhala ndi mawaya asanu, awiri pa L1, awiri pa L2 ndi mmodzi pa C. Musakakonze poganiza kuti nkolakwika.

Kajambulidwe kachiwiri ndi koopsa, ndipo ndikukupemphani kuti mukakane ngakhale mwini nyumba atanena kuti kapulumutsa waya. M'menemo fazi ndi nyutulo zimamangidwa pa nthambi za swichi iliyonse, getsi n'kuikidwa pakati pa matsinde awiri. Getsi limayaka ndi kuzima monga mwa masiku onse, n'chifukwa chake anthu sazindikira. Koma m'khalidwe limodzi limazima chifukwa mbali zake zonse ziwiri zili pa fazi, ndipo munthu wokwera pampando kukasintha babu amagwira chitsulo chamoto akukhulupirira kuti wazimitsa. Kuwonjezera apo, fazi ndi nyutulo zimakhala moyandikana mkati mwa swichi, zolekanitsidwa ndi kampata kakang'ono ka kachitsulo kaja. Pa pepala chizindikiro chake nchimodzi, ndipo nchosavuta kuona ngati munapaka mitundu pa gawo lachiwiri: mzere wa N wafika pa swichi. Vuto lofanana nalo limabwera pamene wojambula kapena womanga wasinthanitsa L ndi N, maswichi n'kumadula nyutulo, fazi itapita molunjika ku getsi.

Kugwiritsa ntchito pulani pofufuza vuto

Tsiku lina ndinaitanidwa kunyumba ina kufupi ndi msika wa ku Ulongwe, kumene mayi wa pakhomopo anandiuza kuti: "Bambo, getsi la mukolido likumvera swichi ya kuseri pokhapokha ya pabalaza ili m'mwamba. Ikakhala m'munsi, ngakhale mudine kangati sizitheka." Ndisanatsegule kanthu ndinadina makhalidwe anayi aja ndikulemba pakapepala, ndipo getsi linayaka kamodzi kokha m'malo mwa kawiri. Zimenezi zimachitika pa zifukwa ziwiri zodziwika. Mwina waya wapakati mmodzi waduka kapena wasomphoka pa sikuluwu, kapena pa swichi imodzi waya wa tsinde wasinthanitsidwa ndi wapakati. Zizindikiro zake nzofanana, choncho kudina kokha sikungakuuzeni kuti ndi chiti.

Ndinatsitsa buleka, ndinayesa tesita yanga pa soketi ya dera lina kuti ndione kuti ikugwira ntchito, kenaka ndinayeza mawaya onse atatu a S1 ndi kutsimikiza kuti alibe moto. M'nyumba yokhala ndi jenereta kapena inveta ya sola, chotsaninso chimenecho musanagwire waya. Nditamasula swichiyo ndinapeza kuti inali yatsopano, yogulidwa posintha ina imene inasweka, ndipo amene anaiika anangotsata malo a masikuluwu a yakale osawerenga zilembo. Fazi inali pa L1, waya wapakati wina ali pa C, winayo pa L2. Jambulani zimenezi papepala mutsatire ndi chala. Batani likakhala mbali imene C yagwira L1, moto umalowa m'waya wapakati mmodzi, ndipo S2 imatha kuyatsa ndi kuzimitsa. Likapita mbali inayo, C imagwira L2, mawaya apakati awiri amangolumikizana okhaokha, fazi n'kutsala payokha pa L1, kotero kuti palibe moto wofika ku S2. Izi n'zimene mayi aja ankalongosola.

Kuti mudziwe waya amene ali fazi pakati pa atatu ofanana mtundu, simufunika kubwezera moto mawaya ali pamtunda. Buleka ili yotsitsidwa, masulani mawaya atatu a S1 ndi atatu a S2, mugwirizanitse awiri amene mukuwaganizira kuti ndi apakati kumbali ya S2, ndipo mupite ku S1 mukayeze awiriawiri. Awiri amene alire ndiwo apakati, ndipo kulira kwakeko kukutsimikiziranso kuti sanaduke. Wotsalayo ndiye fazi, wopita pa C. Ngati palibe awiri olira, lekanitsani ndi kuyesa awiri ena kumbali ya S2, ndipo njira zonse zitatu zikalephera, tsegulani mabokosi A ndi B mufufuze polumikizira pamene pamasuka. Kusinthanitsa mawaya apakati okhaokha, wa L1 kupita pa L2, si vuto, chifukwa kumangosintha mbali imene mabatani amaloza getsi likayaka.

Dandaulo lina limene layamba kumveka chibwerere mababu a LED ndi loti babu likunyezimira pang'ono kapena kuphethira litazimitsidwa. Yambani mwatsimikiza kuti maswichi akudula fazi osati nyutulo, monga ndanenera pamwambapa. Ngati zimenezo zili bwino, gwero lake kawirikawiri ndi mawaya apakati aja, chifukwa wamoto akayenda mtunda wautali m'paipi imodzi moyandikana ndi mnzake wopanda moto amampatsirako kamphamvu kochepa kwambiri, kamene babu lakale la kawaya koyaka mkati silikanakamva koma la LED limakamva. Swichi yokhala ndi kanyali kosonyeza pamene ili usiku imachititsanso zomwezo. Kusintha babu n'kuika la mtundu wina, kapena kuchotsa kanyaliko, nthawi zambiri kumathetsa vutoli.

Mukamaliza kumanga, tsekani maswichi ndi mabokosi onse, kwezani buleka, ndipo muyese makhalidwe anayi aja muli ndi mnzanu ataima pa swichi inayo, wina akudina wina akunena zimene getsi lachita. Zonse zikagwirizana ndi pepala, lembani pa pulaniyo mtundu weniweni wa waya amene mwagwiritsa ntchito pa mzere uliwonse, makamaka ngati muli waya wakuda, ndipo mumusiyire mwini nyumba kope lake kuti alisunge pafupi ndi kwadulu.